Ndinasintha mawu, koma aphunzitsi akuti ndakopera

"Zikomo. Ndili m'chaka choyamba ku koleji. Mu asayimenti ndinatenga ndime ya m'lipoti la kalembera wa 2018, ndinasintha mawu ena, dzina la eni lipoti ndinalembanso. Koma aphunzitsi akuti ndakopera. Ndalakwitsa pati?"

Achemwali, ndikuganiza kuti munkalemba lipotilo lili chitsegulire patsogolo panu. Munthu ukamatero umangozula liwu apa n'kubzalapo lina, koma chiganizo chimayendabe monga anachiyalira mwini wake. Aphunzitsi akaika ndime ziwirizo pamodzi amaona mfundo zikutsatana chimodzimodzi, ndipo kwa iwo kumeneko n'kukopera ndithu, ngakhale dzina mwalemba.

Werengani ndimeyo kawiri kapena katatu, lembani pakapepala manambala okha, tsekani lipoti. Kenako ifotokozeni ngati mukuuza mnzanu wa ku hositelo amene sanaiwerenge. Mukamaliza m'pamene mutsegulenso kuti mufananize.

Pofananizapo ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa ambiri pothawa kukopera amayamba kunamizira gwero. Lipoti limenelo linapeza anthu 17,563,749 m'Malawi, ndipo chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pachaka pakati pa 2008 ndi 2018. Inu mukalemba kuti "chiwerengero cha Amalawi chikukwera ndi 2.9 peresenti", mawu ndi anudi, koma mwataya "pachaka", mwatayanso zaka khumi zimene nambalayo ikunena, ndiye ikuoneka ngati ya lero. Manambala, zaka ndi mayina sitisintha. Ngakhale timawu monga "mwina" kapena "pafupifupi" tikakhalapo m'gwero, musatisiye.

Mukhoza kulemba chonchi: Malinga ndi National Statistical Office (2019), kuyambira 2008 mpaka 2018 anthu m'Malawi ankawonjezeka ndi 2.9 peresenti chaka chilichonse, mpaka anafika 17,563,749.

Taonani chakacho. Kalembera anachitika mu 2018, koma lipoti lalikulu linatuluka mu 2019, ndipo timalemba chaka chimene chikalata chinasindikizidwa. Ophunzira ambiri amaphonya pomwepa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi: wophunzira amawonjezera ganizo lake, mwina kuti "chifukwa atsikana akukwatiwa msanga", m'chiganizo chomwecho chimene chili ndi dzina la ofesi ija. Wowerenga amatenga kuti ofesiyo ndiyo yanena, pamene pa tsamba limene munawerengalo palibe zimenezo. Ikani mpumiro pamene mfundo ya eni ake yathera, yanu iyambe chiganizo chatsopano, ndipo ngati ikufuna umboni muipezere gwero lakelake.

Za tsamba: mu APA, imene ndi njira imodzi yolembera magwero, nambala ya tsamba ndi yokakamiza mukatenga mawu enieni n'kuwaika m'zizindikiro zogwira mawu, koma mukafotokoza m'mawu anu si yokakamiza. Ine ndimailembabe lipoti likakhala lalitali, kuti aphunzitsi akafuna kutsimikiza nambalayo asachite kusanthula masamba onse.