Amuna anga amafunsa tsiku lonse ngati akufa, ndatopa kuwayankha

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Lilongwe. Chaka chatha achimwene awo a amuna anga anagwa kubafa m'mawa, akuti sitiroko, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atatisiya kale. Chiikireni maliro amenewo, bambo a kunyumba kwathu asinthiratu. Mutu ukangowawa pang'ono, akuti ndi BP. Mtima ukagunda, akuti zayambika. Anagula kamakina koyezera BP ku famase ndipo amadziyeza podzuka, akatha kudya, ngakhale pakati pa usiku. Kuchipatala anawayeza magazi, shuga ndi mtima, adokotala n'kunena kuti zonse zili bwino. Chimwemwe chake sichinathe sabata.

Tsopano ntchito yagwera ine. Amandidzutsa usiku: "Mayi, tandiyang'anani, pakamwa panga sipanapotoke?" Ndikati ayi, akuti, "Mukunena zoona, kapena mukungondinyengerera?" Alamu anga, omwe ndi alongo awo, amagwira ntchito ya unamwino, ndiye amawatumizira zithunzi za manambala pa WhatsApp tsiku lonse. Apongozi kumudzi amaimba foni madzulo aliwonse kuwauza kuti safa. Tonse tikuyesetsa, koma mantha akungokulirakulira. Dzana ndinawakalipira kuti andisiye ndigone, iwo analira ngati mwana. Kodi ndiwauze mawu otani kuti akhulupirire?

Mayi wotopa, Lilongwe

Mwana wanga,

Mawu amene mukufunawo palibe. Adokotala, okhala ndi makina ndi mapepala m'manja, anawakhazika mtima pansi kwa masiku ochepa chabe. Inu, pa 2 koloko usiku, tulo tili m'maso, munganene chiyani choposa pamenepo? Amuna anu sakusowa yankho. Ali ndi nthenda ya nkhawa, ndipo yankho lomwe mumawapatsa mwachikondi ndilo chakudya chake.

Zimayenda chonchi. Mutu ukawawa, maganizo amathamangira kubafa kuja kumene achimwene awo anagwera. Mantha amatulutsa m'thupi madzi otchedwa adirenalini, amene amathamangitsa mtima, kuumitsa pakhosi, kutuluka thukuta m'manja ndi kuchititsa dzanzi m'zala. Iwo akamva zimenezo amati umboni si uwu, mantha n'kuwonjezeka. Akakufunsani inu n'kuwayankha kuti ali bwino, mtima umatsika pompopompo. Apa ndiye pali msampha. Ubongo wawo umaphunzira kuti, "Ndapulumuka chifukwa ndinafunsa." Saupeza mpata woona kuti mantha aja akanatsika okha, poti adirenalini sakhalitsa m'thupi. Ulendo wotsatira amafunsa msanga, ndipo yankho limodzi silikwananso. N'chimodzimodzi kukanda mphere: kumakoma pamene mukukanda, koma pokandapo ndi pamene pamanyerenyetsa kwambiri mawa lake. Mwaona nokha kuti poyamba "ayi" wanu ankakwana, lero akufuna mulumbire.

Kamakinako kamachitanso zomwezo, mwinanso kuposa inu. Munthu wamantha akadziyeza, nambala imakwera chifukwa cha mantha omwewo. Akabwereza pakatha mphindi ziwiri, ali chinjenjemerere ndi nambala yoyamba ija, amatha kupeza yokwererapo. Ndiye chithunzi chija chimapita kwa alamu anu.

Sindikunena kuti BP aiiwale. Mbale wawo wa bere limodzi anamwalira ndi sitiroko, choncho kudziyeza n'koyenera, ndipo musawauze kuti n'zachibwana. Chalakwika ndi kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Pitani nawo limodzi kuchipatala ulendo umodzi wokha, ndipo funso lanu lisakhale lakuti "kodi ali bwino?" Mufunse kuti, "Munthu ngati uyu azidziyeza kangati, nanga nambala ikafika pati tibwere?" Mufotokozenso zonse mwandiuza inezi, za usiku ndi za zithunzi zomwe, chifukwa odwala nkhawa ambiri amangotchula mutu ndi mtima, n'kubwerako ndi panado. Ngati sanayezedwepo kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro, funsani, poti ziwirizi zimathamangitsanso mtima. Zimene adokotala anene muzilembe papepala. BP imayezedwa munthu atakhala pansi phee kwa mphindi zisanu, asanamwe khofi kapena kusuta fodya, ndipo imatchedwa yokwera ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyanasiyana, osati ulendo umodzi munthu atadzidzimuka kutulo. Pepala limenelo ndilo likhale mwini nkhani m'nyumbamo, kuti inu mutule udokotala womwe munausenza osaupempha.

Mukabwerako, pezani nthawi yabwino, masana, ana kulibe, iwo ali bwinobwino. Musayambe kusintha zinthu mwakachetechete, chifukwa adzangoona ngati mwawataya. Auzeni chonchi, m'mawu anuanu: "Bambo, ndikudziwa kuti mantha amenewa ndi enieni ndipo akukuzunzani. Ndakhala ndikukuyankhani pofuna kukuthandizani, koma ndaona kuti mayankho anga akuwakuza. Kuyambira Lolemba, mukandidzutsa usiku sindiyang'ananso pakamwa panu, koma ndidzuka n'kukhala nanu." Onani kuti simukuwalamula kuti asiye kuopa kapena kufunsa. Zimenezo sangathe lero. Mukungowauza chimene inuyo musinthe, poti chokhacho ndicho chili m'manja mwanu.

Yambani ndi chinthu chimodzi. Ine ndasankha cha usiku chifukwa ndicho chikukuphani inu. Za masana zisiyeni kaye momwe zilili.

Tsono usiku wa Lolemba wafika, akugwedezani paphewa. Mudzuke, muwagwire dzanja, munene zinthu ziwiri zokha: kuti mwaona kuvutika kwawo, ndi kuti mukukhulupirira atha kupirira. "Mantha aja abweranso, ndikuona kuti zakuvutani. Tinagwirizana kuti funso ili sindiyankha. Ndikudziwa kuti mupirira mpaka adutse, ndipo ine ndili pompano." Mawu a mbali ziwiri amenewa si anga. Katswiri wina, Eli Lebowitz wa ku yunivesite ya Yale ku America, ndi amene anakonza njira yotere yophunzitsa makolo a ana ankhawa, ndipo mfundo yake imagwiranso pakati pa akuluakulu. Mukangonena mbali yoyamba yokha, "pepani, pepani", mukuwaonetsa ngati munthu wosatha kanthu. Mukanena yachiwiri yokha, "limbani mtima, ndinu bambo", mwawanyoza, ndipo adzayamba kubisa.

Adzakuyesani m'njira zambiri, osati mwadala. "Ingonenani kamodzi kokha." "Ndiye kuti mwaona chinachake koma mukubisa." "Ndikafa mudzadandaula." Mawu otsirizawa amalasa, ndipo ambiri amagonjera pomwepa. Musakangane nawo, musafotokoze za mitsempha, bwerezani mawu omwe aja mofatsa. Mungapume nawo limodzi pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalikitsa kuposa poukoka, kapena kucheza za fizi ya ana. Samalaninso ndi mayankho obisika. Kuwayang'anitsitsa kumaso kenako n'kumwetulira ndi yankho. Kunena kuti "mukanakhala ndi sitiroko simukanalankhula chonchi" ndi yankhonso, lovala jekete.

Masiku oyamba zidzaoneka ngati zaipiraipira: adzafunsa kwambiri, mwina adzakwiya n'kukagona pabalaza. Zimenezo sizitanthauza kuti njirayi yalephera. Choopsa n'kukana kasanu ndi kanayi, kakhumi n'kugonja, chifukwa pamenepo mwawaphunzitsa kuti yankho limabwera akaumirira. Ngati mukuona kuti simungathe kukaniratu, gwirizanani kuti muziyankha kamodzi kokha pogona, basi, ndipo musunge pangano limenelo. Chizindikiro choti zikuyenda si chakuti mantha atha. Mudzaona akugonanso msanga kuposa kale, kapena m'mawa akuuzani kuti anadzidzimuka koma sanakudzutseni. Pamenepo ayamikireni kupirira kwawoko, osati kuwauza kuti "mwaona, simunafe". Za usiku zikakhazikika, mutenge za masana.

Nkhani yovuta ndi ya achibale, chifukwa inu mukatseka khomo, funso limangosamukira pafoni. Alamu anu, poti ndi namwino, amva msanga, ndipo ndikhulupirira nawonso atopa. Agwirizane ndi amuna anu kuti aziona manambala a tsiku lolembedwa papepala lija lokha, zithunzi zina aziyankha kuti, "Achimwene, ndaona kuti mantha abwera, tidzaona limodzi Loweruka." Koma apongozi musawauze nokha kuti asiye. Mayi amene waika mwana mmodzi m'manda, mtengwa n'kumuuza kuti asatonthoze wotsalayo, nkhaniyo ikathera kwa ankhoswe. Atumeni alamu anu. Ndipo asawaletse kuimba foni, angowapatsa nkhani ina: za kumunda, za mbuzi, za adzukulu, ngakhale za malemuwo. Apongoziwo akamati "sufa mwanawe" akudzitonthozanso okha.

Za malemu ndazitchula dala. M'kalata yanu yonse mwanena za BP, koma simunanene ngati amuna anu analira mbale wawo. Amuna ambiri pamaliro amatanganidwa ndi bokosi, galimoto ndi ufa, chisoni n'kudzatulukira kwina. Tsiku lina masana afunseni za achimwene awowo, zimene ankachita ali anyamata, zimene akuzisowa. Pamenepo mvetserani mpaka atathe, osawadula.

Musasenze zonsezi nokha. Nkhawa yotere imachizika ndi uphungu umene achipatala amautcha CBT, wophunzitsa munthu kukhala ndi mantha osathamangira kudziyeza kapena kufunsa. Ena amapatsidwanso mankhwala monga fluoxetine, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kuthandiza, choncho asawasiye msanga. Ku Lilongwe kuno kuli a St John of God komanso chigawo cha matenda a maganizo ku Bwaila, ndipo m'zipatala za m'maboma mumapezeka anamwino a ntchito imeneyi. Akati "ine si wamisala", ayankheni kuti mukupita kukafuna tulo ta anthu awiri. Akayamba kunena zoti bola kufa, kapena kumwa mowa kuti agone, musadikire, pitani nawo tsiku lomwelo.

Mwina mukudzifunsa kuti, nanga tsiku lina zikadzakhala zenizeni ine ndili chete? Sitiroko siifuna tochi kuti muione. Mbali imodzi ya nkhope imagwa, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi umafooka mwadzidzidzi moti sangaukweze, mawu amatuluka opotoka kapena osamveka, ena amasiya kuona bwino kapena amamva mutu woopsa umene sanaumvepo, wobwera kamodzin'kamodzi. Vuto la mtima limabwera ndi kupsinja pachifuwa kosatha, kofika kumkono kapena kunsagwada, ndi kubanika. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, pangano lija mulisiye, musatenge kamakina, musaimbire alamu, pezani galimoto muthamangire ku Kamuzu Central. Zizindikirozi muzilembe kuseri kwa pepala la adokotala lija, muwerenge limodzi ndi amuna anu kamodzi, kenako pepalalo musunge ndinu.

Azakhali