Gawo la olemba ntchito silichokera m'thumba la wantchito

Funso: "Ndalemba wantchito wanga woyamba, tinapangana malipiro a 500,000 pa mwezi. Akauntanti akuti pali penshoni ya iye, penshoni ya kampani, msonkho, komanso levi ya maphunziro, ndipo akuti ndizikonza ndalama zoposa 500,000. Kodi zonsezi sindingangodula pa malipiro ake omwewo? Ndithandizeni, mutu waima."

Mayi, akauntanti wanu akunena zoona, ndipo mwachita bwino kufunsa mwezi usanathe. Pa zinthu zinayizo, ziwiri zokha ndi zomwe mumadula pa malipiro a wantchito: msonkho wake ndi gawo lake la penshoni. Ziwiri zinazo, gawo la kampani ndi levi ya maphunziro, ndi ngongole yanu inuyo monga olemba ntchito, ndipo zimabwera pamwamba pa malipiro amene munapangana. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zonse zinayi zimawerengedwa tsiku limodzi, kuchokera pa malipiro a munthu mmodzi yemweyo, ndiye zimaoneka ngati mulu umodzi.

Tiyeni tigwiritse ntchito 500,000 yanuyo. Maperesenti amene ndiike apa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke, enieniwo muwatenge m'malamulo a dziko lomwe bizinesi yanu ili. Tinene kuti malipiro enieni ndi 400,000 ndipo 100,000 ndi maalawansi. Tinenenso kuti penshoni imawerengedwa pa malipiro enieni okha, wantchito 5 peresenti, kampani 8 peresenti, pomwe levi ndi 1 peresenti ya malipiro onse. Msonkho wake tingoti watuluka 60,000.

Mbali ya wantchito ili motere. Pa 500,000 mukuchotsa 20,000 ya penshoni ndi 60,000 ya msonkho, iye n'kulandira 420,000. Apa simunawononge kalikonse koposa zomwe munapangana. Ndalama ndi yomwe ija, 500,000, kungoti mwaigawa patatu: ina kwa mwini wake, ina kwa otolera msonkho, ina ku thumba la penshoni m'dzina lake.

Mbali yanu ndiyo imawonjezera. 8 peresenti ya 400,000 ndi 32,000, ndipo levi ndi 5,000. Choncho munthu amene mumamutcha wa 500,000 akutulutsa 537,000 mu akaunti ya bizinesi mwezi uliwonse. Mukanati mudule 37,000 imeneyi kwa iye, akanapita kunyumba ndi 383,000, ndipo pakutha chaka mukanakhala mutamulanda 444,000, pafupifupi malipiro a mwezi wathunthu. Malamulo amene amaika gawo la olemba ntchito nthawi zambiri amaletsanso kulibweza kuchokera kwa wantchito, ndipo zikadziwika mumabweza zonse za m'mbuyo. Koma ngakhale pasanabwere woyendera mabuku, taganizani za munthuyo. Amakhala kuti wakhulupirira pepala la malipiro lomwe mwamupatsa, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti pali mzere wofunika kuufunsa.

Pali njira yachidule yomwe ine ndimayesera ngati masamu ali bwino ndisanatumize ndalama iliyonse. Lembani onse amene alandire ndalama mwezi umenewo. Wantchito 420,000. Otolera msonkho 60,000. Thumba la penshoni 52,000, chifukwa gawo lake la 20,000 ndi lanu la 32,000 zimapita limodzi. Levi 5,000. Mukaphatikiza muyenera kupeza 537,000 ndendende. Mukapeza 500,000, ndiye kuti gawo lanu mwalibisa m'malipiro a wantchito. Mukapeza 557,000, ndiye kuti 20,000 ija mwaiwerenga kawiri.

Cholakwika chachiwirichi ndachiona kambirimbiri m'mabuku a mabizinesi ang'onoang'ono. Wolemba mabuku amaona 52,000 ikutuluka kubanki kupita ku penshoni, n'kuilemba yonse ngati ndalama yomwe kampani yawononga, kuiwala kuti 20,000 ili kale m'kati mwa 500,000 ya malipiro. Zomwe kampani yawononga ndi 500,000 ndi 37,000 basi. Zodulidwa kwa wantchito zimalembedwa ngati ndalama ya eni ake yomwe mukungosunga kufikira tsiku lotumiza. Ndipo muitenge choncho kumene, chifukwa mwezi ukavuta dzanja limathamangira ndalama imeneyi poti ikuoneka mu akaunti, ndiye mapeto ake munthu amadzapeza kuti thumba lake lilibe kanthu pamene pamapepala ankadulidwa mwezi ndi mwezi.

Tsopano pomwe pamafunika maso kwambiri ndi apa: peresenti iliyonse ili ndi ndalama yake yomwe imawerengedwerapo. M'chitsanzo chathu penshoni yagwa pa 400,000 koma levi pa 500,000. Simungaphatikize 8 ndi 1 n'kunena kuti 9 peresenti ya malipiro, chifukwa zikupatsani 45,000 m'malo mwa 37,000. Pa chopereka chilichonse funsani akauntanti mafunso atatu. Chikuwerengedwa pa chiyani, malipiro enieni okha kapena pamodzi ndi maalawansi, ovataimu ndi bonasi? Chili ndi malire a pamwamba? Nanga bizinesi yaing'ono ngati yanu ikukhudzidwa?

Mayiko amasiyana kwambiri pa mafunso amenewa. Ku South Africa, inshuwalansi ya anthu amene ntchito yawathera, UIF, imatenga 1 peresenti kwa wantchito ndi 1 peresenti kwa olemba ntchito, koma imalekezera pa malire ena a malipiro a pamwezi. Levi ya maluso kumeneko ndi 1 peresenti, yolipira olemba ntchito okha, ndipo amene malipiro a antchito ake onse sapitirira marandi 500,000 pa chaka salipira. Ku Britain levi ya ophunzira ntchito inayamba mu 2017 pa 0.5 peresenti, ndipo imakhudza okhawo amene malipiro a antchito awo amapitirira mapaundi 3 miliyoni pa chaka. Ku Amerika chitetezo cha anthu pa ukalamba ndi 6.2 peresenti mbali iliyonse mpaka pa malire a pachaka, pomwe 1.45 peresenti ya Medicare, inshuwalansi ya chipatala ya okalamba, ilibe malire otero. Mwaona kuti levi ya maphunziro imayang'ana malipiro a kampani yonse, choncho n'zotheka kuti muli ndi wantchito mmodzi simukufika poyambira, koma mukadzalemba ena angapo mudzalowamo osazindikira.

Za malire a pamwamba, ngati mukuwerengera pakompyuta, musachulukitse malipiro onse ndi peresenti. Mu pulogalamu ngati Excel, ngati malipiro enieni ali mu B2 ndipo malire ali mu F1, lembani motere:

```
=MIN(B2,$F$1)*8%
```

Mukapanda kutero, olandira zochepa aziwerengedwa bwino, koma tsiku lomwe wina adzakwezedwe kupitirira malire mudzayamba kulipira mopyola, ndipo mudzamudulanso iye mopyola.

Funsaninso ngati gawo la wantchito la penshoni limachotsedwa msonkho usanawerengedwe kapena ayi. Kwina msonkho ukanagwa pa 480,000, kwina pa 500,000 yonse. Izi sizisintha 537,000 yanu, zimasintha zomwe iye alandire m'manja.

Ngati 500,000 ndiyo inali yonse yomwe bizinesi ingakwanitse, apa pavuta, poti pangano linachitika kale ndipo simungalitsitse panokha popanda iye kuvomera. Pezani 37,000 inayo pamitengo ya katundu wanu kapena pa zina zomwe mumawononga. Kwa wantchito wachiwiri, yambirani pa ndalama yonse yomwe muli nayo, kenako mubwerere m'mbuyo pogawa. Ngati zopereka zanu zonse zikanakhala 9 peresenti ya malipiro onse, mukanagawa 500,000 ndi 1.09 n'kupeza pafupifupi 458,700, ndipo imeneyo ndiyo mukanatchula pokambirana. Mukangochotsa 9 peresenti mupeza 455,000, yomwe ndi yochepera pa zomwe mungathe kumupatsa. M'kalata ya ntchito mulembe momveka kuti ndalama yotchulidwayo ndi ya asanadule kalikonse, ndipo papepala la malipiro gawo la kampani liikidwe pansi palokha, kunja kwa mzere wa zodulidwa, kuti iye aziona kuti 52,000 yapita ku thumba lake koma kwa iye kwachoka 20,000 yokha.