Mphindi zisanu pamaso pa mabwana: yambani ndi chimene mwabwerera

"Ine ndimayang'anira minda ya kumtunda pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Nthawi ya dzinja masamba amachedwa kufika ku fakitale chifukwa lole ndi imodzi, ndiye ena amafika atatentha. Andipatsa mphindi zisanu pa msonkhano wa mabwana akuluakulu Lachisanu likudzali. Ndalemba masamba anayi a pepala, koma pempho langa la lole yachiwiri lili kumapeto. Ndiyambire pati?"

Achimwene, tengani ndime yomalizayo muiike pamwamba. Ntchito yaikulu ndi imeneyo, zotsalazo ndi kudula basi.

Ndikudziwa chimene chimatikoka kuti tiike pempho kumapeto. Tinakula tikuona kuti pabwalo la mfumu munthu amayamba walemekeza onse, n'kufotokoza kumene nkhani inachokera, mfundo n'kudzatulukira kumathero. Pabwalo nthawi imakhalapo, ndipo anthu amadikira. Mu chipinda cha mabwana mulibe zimenezo. A Jenerale Manejala ali ndi nkhani zina zisanu ndi imodzi pa pepala lawo, a za chuma akuganiza za malipiro, ndipo wina akhoza kukudulani pa mphindi yachiwiri. Akakudulani musanapemphe, mwatuluka chimanjamanja. Ulemu musausiye, koma ukhale wa chiganizo chimodzi: "Zikomo mabwana pondipatsa mpata." Osatchula aliyense ndi udindo wake, akudziwana kale.

Tsono masekondi 30 oyamba anyamule zinthu zitatu: chimene mukupempha, ndalama zake, ndi tsiku limene yankho likufunika. Manambala anu simunanditumizire, choncho ndiika ongoyerekeza, inu mudzaikemo enieni. Mawu anu oyamba amveke chonchi:

"Ndikupempha kuti tichite hayala lole yachiwiri ya minda ya kumtunda kuyambira Januwale mpaka Malichi. Itidyera K9 miliyoni, koma popanda iyo tikhoza kutaya ndalama zoposa K18 miliyoni pa mtengo wa tiyi. Ndikufunika yankho pofika pa 15 Disembala kuti tipeze lole mvula isanakhwime."

Taonani kuti simunanenepo za msewu woterera, za dalaivala, kapena za chaka chatha. Komabe aliyense mu chipindamo wadziwa kale chimene ayenera kugamula, ndipo zonse zimene muzinena pambuyo pake azizimva ngati umboni. Mukayamba ndi mbiri, bwana aliyense amamvetsera akudzifunsa kumene mukulowera, ndipo ena amayamba kukonza mayankho a nkhani imene simunabwerere.

Mphindi ziwiri zotsatira ndi za umboni, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Bwana amene wamva K18 miliyoni afuna kudziwa kumene mwaitenga, ndiye muyende naye pang'onopang'ono. Tiyerekeze kuti masamba othyoledwa masana amadikira maola anayi pa shedi ya sikelo, atapanikizana m'matumba, ndipo makilogalamu 2,700 pa tsiku amafika ku fakitale atatentha ndi kufiira. Mabwana saganiza za masamba aawisi, amaganiza za tiyi wopangidwa amene amakagulitsidwa. Popeza makilogalamu pafupifupi 4.5 a masamba amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi, amenewo ndi makilogalamu 600 a tiyi pa tsiku. Masiku 26 ogwira ntchito pa mwezi akupatsani makilogalamu 15,600. Ngati tiyi wotereyu amatsika mtengo ndi K400 pa kilogalamu, ndiye kuti pa mwezi pakutayika ndalama zoposa K6 miliyoni, pa miyezi itatu zoposa K18 miliyoni. Masamu onsewa akhale pa pepala. Pakamwa nenani manambala atatu okha: 2,700, kenako 600, kenako K18 miliyoni. Khutu la munthu silisunga oposa amenewo.

Nambala yofooka pa zonsezi ndi K400 ija, chifukwa si yanu. Makilogalamu muli nawo m'buku la kalaliki wa sikelo, nthawi imene lole imafika ili m'buku la pa geti la fakitale, koma kutsika kwa mtengo amakudziwa ndi a ku fakitale, olawa tiyi, ndi amene amaona malipoti a okushoni ya ku Limbe, kumene tiyi amagulitsidwa. Pitani kwa iwo Lachisanu lisanafike, muwafunse nambala imene iwo angaivomere pagulu. Mukatero mudzatha kunena kuti, "Nambala iyi ndaitenga kwa a manejala a fakitale," iwo n'kugwedeza mutu. Mukangoiganizira nokha, a za chuma adzaigwira, ndipo mphindi zanu zotsala zidzathera pa kukangana za K400, lole itaiwalika.

Chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimathandiza. Jambulani pa foni masamba awiri: lobiriwira la ulendo wa m'mawa ndi lofiira la ulendo wa madzulo, kapena bwerani nawo m'manja muwaike patebulo. Anthu a tiyi akaona tsamba lofiira safuna kufotokozeredwa.

Mphindi imodzi ikhale ya njira zina zimene munaziganizira. Mabwana adzafunsa ndithu chifukwa chake simungowonjezera maulendo a lole yomwe ilipo, kapena kugwiritsa ntchito thirakitala. Yankhani asanafunse, njira iliyonse chiganizo chimodzi: ulendo wopita ndi kubwera umatenga maola akuti, thirakitala imanyamula makilogalamu akuti okha. Nenaninso poyera pamene pempho lanu lingagwere, mwachitsanzo kuti mvula ikachepa masamba achepa ndipo lole yachiwiri izingokhala, n'chifukwa chake mukupempha hayala ya mwezi ndi mwezi osati kugula. Kenako bwerezani pempho lija ndi tsiku lake m'masekondi 30, n'kukhala chete.

Mukawerengera muona kuti zakwana mphindi zinayi. Yachisanuyo ndi ya mabwana. Ndimaona ambiri akudzaza mphindi zonse zisanu, wapampando n'kuti "zikomo, tidzaziona," nkhani n'kupita ku msonkhano wa mwezi wamawa. Chigamulo chimafuna mpata woti anthu afunse. Masamba anu anayiwo sangakwane, chifukwa ngakhale tsamba limodzi lolembedwa modzaza limadya mphindi zingapo poliwerenga mokweza. Tcherani wotchi ya pa foni, muyankhule mokweza mutaima, m'chilankhulo chimene mudzagwiritse ntchito tsikulo. Kuwerenga chamumtima kumathamanga, kukunamizani.

Ngati pafunika PowerPoint, masilaidi atatu akwana, ndipo mutu wa iliyonse ukhale chiganizo chathunthu. Osalemba "Mayendedwe a masamba." Lembani "Makilogalamu 2,700 amafika atatentha tsiku lililonse." Sindikizaninso zonse pa tsamba limodzi, pempho pamwamba penipeni, kuti magetsi akathima kapena pulojekita ikavuta mungogawa mapepala.

Pali malo amodzi pamene kuyamba ndi mfundo kungakupwetekeni. Ngati lole ili m'manja mwa bwana wa za magalimoto ndipo iye akhala m'chipindamo, chiganizo chanu choyamba chidzamveka ngati mukumuneneza pamaso pa akuluakulu ake. Iyeyo pamodzi ndi bwana wanu weniweni asamve nkhaniyi koyamba pa msonkhano. Kaonaneni nawo Lachitatu kapena Lachinayi, muwaonetse pepala lija, ndipo akakonzapo kanthu mulandire.

Kuti mudziwe ngati chiyambi chagwira, itanani kapitawo mmodzi amene sakudziwa za pempholi, mumuuze masekondi 30 oyamba okha, ndiye mumufunse kuti mukupempha chiyani, ndi ndalama zingati, ndipo yankho likufunika liti. Akaphonya chimodzi, lembaninso. Pa tsikulo, wina akakudulani ndi funso la pakati, liyankheni mwachidule m'ziganizo ziwiri, kenako munene kuti, "N'chifukwa chake ndikupempha lole ija pofika pa 15 Disembala," n'kupitiriza pamene munalekezera.