Nyumba zobisika zikukana kuchoka: vuto lili m'kamangidwe ka mzinda

"Mzinda wa gemu yanga mu Unity uli ndi nyumba 2,000. Kamera ikakhala mumsewu imaona nyumba khumi zokha, koma nditapanga Bake pa Occlusion Culling, Batches sizinatsike. Ndalakwitsa pati?"

Musanakhudze nambala iliyonse, onani kaye mmene mzindawo munaudulira. Occlusion Culling, njira imene Unity imasiyira kujambula zinthu zotchingidwa ndi zinzake, imabisa chinthu chathunthu, siibisa theka lake. Ngati munalumikiza nyumba za chigawo chonse kukhala meshi imodzi pofuna kuchepetsa Batches, ndiye kuti denga limodzi likangosuzumira kumapeto kwa msewu, chigawo chonsecho chimajambulidwa. Ine ndimakana ndithu kalumikizidwe kotere mumzinda wothithikana, chifukwa zimene mwapulumutsa polumikiza n'zochepa poyerekeza ndi zimene mukutaya. Dulani kuti nyumba iliyonse, kapena kagulu ka nyumba zogundana, kakhale ndi Mesh Renderer yakeyake.

Mukatero, nyumba zikuluzikulu zamakoma olimba muzichonge Occluder Static komanso Occludee Static, chifukwa zimatchinga zinzake ndipo nazonso zimatchingidwa. Mitengo ya magetsi, mabenchi ndi migolo ya zinyalala zikhale Occludee Static basi. Magalimoto oyenda amatha kubisidwa ngati Dynamic Occlusion ili yoyatsa, koma iwo sangatchinge kanthu ngakhale atakula ngati basi.

Nambala yovuta ndi Smallest Hole, imene imayambira pa 0.25. Ngati yuniti imodzi ndi mita imodzi, mpata wochepera masentimita 25 umatha kutengedwa ngati khoma lotseka. Taganizani mpanda wachitsulo wokhala ndi mipata ya masentimita 10 umene mwauchonga Occluder Static. Wosewera akuona bwinobwino kuseri kwake, koma Unity ikuti kulibe choonekera, ndiye nyumba zimazimiririka n'kutulukira mwadzidzidzi iye akamayenda. Ambiri amathamangira kutsitsa nambalayo kufika 0.05, ndipo Bake imatalika, deta n'kufufuma mzinda wonse chifukwa cha mpanda umodzi. Ingouchotsani Occluder Static mpandawo. Magalasi oonekera mkati muchite nawo chimodzimodzi. Smallest Occluder ya 5 isiyeni, ikukwanira pa nyumba zazitali.

Dziwaninso kuti kubisaku si kwaulere. Purosesa imafufuza detayo pa felemu iliyonse, ndipo detayo imadya memore. Mumsewu wopanikizika phindu n'lalikulu, koma kamera ikakwera pamwamba pa madenga imaona pafupifupi chilichonse, ndipo mumalipira kufufuzako osabisa kanthu. Kumeneko chothandiza ndi LOD Group, imene imaika meshi yopepuka m'malo mwa yolemera chinthu chikakhala patali.

Poyesa, tsegulani Window > Rendering > Occlusion Culling, pitani pa Visualization, sankhani kamera, muiyendetse mumsewu mukuyang'ana Scene. Nyumba zakuseri ziyenera kuzimiririka, Batches ndi Tris pa Stats n'kutsika. Zikapanda kutero, onani ngati Occlusion Culling ili yochonga pa kamerayo. Ndipo mukasuntha nyumba ngakhale imodzi, panganinso Bake, apo ayi khoma limene munachotsa lipitiriza kubisa zinthu.