Ng'ombe ya dongo ndi masekondi 20

"Achimwene, ndili ndi foni ndi nyale basi. Ndikufuna kupanga kakanema ka mphindi zisanu ka zidole zoyenda, za dongo kapena za mapepala. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mwandikumbutsa ng'ombe yanga. Ndinaiumba ndi dongo la kudambo, ngati zija tinkaumba kubusa tili ana, ya linunda ndi nyanga zake zomwe. Ndinaiika patebulo pafupi ndi windo, foni n'kuitsamiritsa pakapu. Kusuntha mwendo pang'ono, kujambula, kusunthanso, kujambula. Pofika masana dongo linali litauma, mwendo wakutsogolo n'kuthyoka. Ndinaumata ndi malovu n'kupitiriza.

Madzulo nditaonera, mtima unandiwawa. Kanema yense ankangophethira, chifukwa mitambo inkadutsa ndipo foni inkadzisinthira yokha kuwala pa chithunzi chilichonse. Chala changa chikagunda sikirini foni inkasuntha, ng'ombe n'kumanjenjemera ngati kuli chivomezi. Ndinayesanso usiku ndi nyale yotchaja. Batire inkatha pang'onopang'ono, maso anga osazindikira, moti kanema anayamba ngati masana n'kuthera kachisisira.

Mphindi zisanuzo ndikukaniza, ndipo sindikunyengererani. Kuti chidole chiyende bwino pamafunika zithunzi 12 pa sekondi imodzi. Mphindi imodzi ndi zithunzi 720, zisanu ndi 3,600. Chithunzi chilichonse chikakudyerani theka la mphindi, amenewo ndi maola 30 mutawerama. Zimandipweteka kuona achinyamata aluso akulemba nkhani ya mudzi wonse, ya amfumu, ankhoswe ndi ukwati womwe, n'kuzisiya tsiku lachiwiri akuganiza kuti alibe luso, pomwe vuto linali masamu chabe. Konzani masekondi 20. Ndi zithunzi 240, maola ngati awiri, chidole chimodzi chikuchita chinthu chimodzi: nkhuku yaona chimanga, yayandikira, yajompha.

Za dongo la kudambo ndinasiya, ngakhale ndimalikondabe fungo lake. Pulasitisini, dongo loumbira zidole logula m'sitolo, sauma, koma babu lotentha limamufewetsa, ndiye pamafunika la LED, ndi waya wofewa m'miyendo.

Poyambira

Yambani ndi mapepala. Chidole chogona patebulo sichigwa. Dulani mutu, thupi ndi miyendo padera, foni muigoneke pa thabwa loyanjika pa milu iwiri ya mabuku, kamera itayang'ana pansi. Jambulani kaye nkhaniyo m'timabokosi sikisi papepala, n'kulemba masekondi a kabokosi kalikonse. Tsekani windo ndi bulangete, nyale muimange ndi tepi, ndipo ngati ndi yotchaja ikhale yodzaza kapena yolumikiza kumagetsi. Mu Stop Motion Studio, pulogalamu ya pafoni yojambulira makanema otere, tsekani kuwala ndi fokasi zisamasinthe zokha, muyatsenso `onion skin` kuti muziona pomwe chidole chinali. Pojambula gwiritsani taimala, musakhudze foni. Muvale malaya akuda, chifukwa oyera amabwezera kuwala patebulo mukawerama.