Kodi womasulira zikalata angathe kutanthauzira m'khoti?

*Ndimamasulira zikalata m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tsopano andipempha kuti ndikatanthauzire mboni m'khoti. Kodi si ntchito imodzimodzi?*

Ayi. Zilankhulo zake n'zomwezo, koma womasulira ali ndi nthawi pamene wotanthauzira alibe, ndipo kusiyana kwina konse kumachokera pamenepa.

Tiyerekeze kuti mboni yanena kuti, “Anandimenya alamu anga.” M'Chichewa mawuwa ndi okwanira, koma Chingerezi chimafuna zinthu zitatu zimene mboniyo sinatchule. Womenyayo ndi mwamuna kapena mkazi? Ndi mmodzi amene akungopatsidwa ulemu, kapena analipo angapo? Nanga ulamu wake ndi wotani? Mawuwa akakhala pa pepala, womasulira amawerenga chikalata chonse kaye, kupeza dzina la mlamuyo patsamba lachitatu, n'kubwerera kudzakonza chiganizo choyamba. Atha kufunsa mwini chikalata, kutsegula mtanthauziramawu, ngakhale kuisiya ntchitoyo igone kuti aionenso mawa. Luso lake lili pa kulemba: kalembedwe koyenera ka Chichewa, ndi kusunga liwu limodzi pa chinthu chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wotanthauzira alibe tsamba lachitatu. Akangoganizira yekha kuti womenyayo ndi mwamuna mmodzi, woweruza amalemba zimenezo m'Chingerezi ngati mawu a mboni. Zikadzadziwika kuti anali akazi awiri, loya wa mbali inayo amanena kuti mboni yasintha mawu, chonsecho sinasinthe kanthu. Choyenera ndi kuuza woweruza kuti mawuwo akumveka pawiri, n'kupempha chilolezo chofunsa. Osanong'onezana ndi mboni khoti lisakumva. Nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wozengedwa m'chilankhulo chimene amamva, kapena kutanthauziridwa.

Mulankhulenso ngati mwini mawu. Mboni ikati “ndinathawa”, inunso munene kuti “ndinathawa”, osayamba ndi “akuti”. Mukazolowera “akuti”, posakhalitsa mumayamba kufupikitsa, ndipo chikayiko cha mboni, monga “kapena” ndi “ndikuganiza”, chimatayika. Kusalaza mawu kumene kumakometsa chikalata, kuno kumawononga umboni.

Mukhale ndi kope, koma musalembe ziganizo, chifukwa dzanja likatanganidwa khutu limatsalira. Lembani mayina, masiku, ndalama ndi ndondomeko ya zochitika basi. K45,000 imasanduka K54,000 mosavuta mukaisunga m'mutu. Mboni ikapitirira ziganizo ziwiri kapena zitatu, pemphani kuti iime kaye.

Musanavomere, dziyeseni. Jambulani nkhani za pawailesi za mphindi imodzi, muzimvere kamodzi kokha, muzinene m'chilankhulo chinacho mukudzijambula, kenako mufananize ziwirizo. Ngati manambala ndi mayina akugwa, kapena mukuyamba chiganizo n'kuchisiya panjira, pitirizani kuyeserera musanapite kukhoti.