Mwana wadwala, ine ndili pa naiti: ndiwalembere chiyani a inchaji?

"Anzanga, ndine namwino kuno ku Lilongwe. Mwana wanga wazaka ziwiri amupeza ndi malungo m'mawa uno, ndipo lero ndili pa naiti. Bambo ake ali kutali, wantchito amaweruka madzulo. Ndiwalembere bwanji a inchaji kuti andimvetse?"

Pepani kwambiri asisi. Musanagwire cholembera, imbani foni pompano. Uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kukhala osawerengedwa mpaka madzulo, pakuti a inchaji masana amakhala ali pa raundi, ku famase kapena kumsonkhano wa a metroni. Akapanda kuyankha, imbirani wowatsatira pa wodipo. Chimene chimawapweteka mutu a inchaji si kudwala kwa mwana wanu ayi, nawonso ndi makolo. Chimawavuta ndi kumva nkhaniyi nthawi ya handiova itakwana, a masana atanyamula kale zikwama. Akamva m'mawa amakhala ndi mpata wofunsa amene ali pa ofu kapena kupempha wa lokamu. Akamva dzuwa litapendeka, wokhala ku Area 25 kapena ku Likuni sangathenso kukonzeka n'kupeza minibasi, ndiye mnzanu amagona yekha ndi wodi yonse, kapena wa masana amapitiriza mpaka kucha.

Mukatha kulankhula nawo, lembani. Kalatayo ikhale yaifupi, yokhala ndi deti ndi nthawi, motere:

"Kwa a inchaji, wodi ya amayi. Monga ndakuuzani pafoni m'mawa uno, sinditha kubwera pa naiti ya lero Lachitatu ndi ya mawa Lachinayi. Mwana wanga wazaka ziwiri amupeza ndi malungo, wayamba LA, ndipo palibe wina womuyang'anira usiku. Ndalankhula ndi mnzanga amene ali pa ofu, wavomera kundigwirira mausiku awiriwa ngati inu mungalole, ndipo ine ndidzamubwezera pa naiti zake za sabata yamawa. Mawa masana ndikuimbirani kukuuzani mmene mwana wagonera. Ndatumiza chithunzi cha tsamba la lero la m'buku lake lakuchipatala. Zikomo."

Pansi pake dzina lanu, udindo wanu ndi siginecha, ndipo mnzanuyo mumutchule dzina. Mukalemba m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi. Jambulani kalatayo kuti nanunso mukhale nayo.

Mwaona kuti ndalemba mausiku awiri, osati umodzi. Nonse mukudziwa kuti LA ndi wa masiku atatu, ndipo mwana wamsinkhu umenewu kawirikawiri sakhala atatsitsimuka tsiku lachiwiri. Kupempha usiku umodzi kenako n'kuimbanso mawa ndiye kumene kumatopetsa a inchaji, chifukwa amayambiranso kusaka munthu. Bola kunena masiku awiri, mwana akapeza bwino msanga mudzawauza kuti mwabwerera. Akayamba kusanza chilichonse, kukomoka kapena kulephera kumwa, muthamange naye kuchipatala, ndipo akakugonekani naye muwadziwitse a inchaji nthawi yomweyo, pakuti masiku asintha.

Mawu akuti "ngati inu mungalole" musawachotse. Kusinthana kwa awiriwiri kumene a inchaji sakukudziwa n'koopsa kwa inu. Pa rosita pamakhalabe dzina lanu. Mnzanuyo akachedwa kapena akalephera, ndipo usiku umenewo wodwala akaphonya mankhwala kapena pakachitika zovuta, wofunsidwa ndi amene dzina lake lili pa rosita. Nkhani zosiya odwala opanda wowasamalira zimatha kufika mpaka ku bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Choncho pemphani kuti asinthe mayina pa rosita, kapena akuyankheni molemba, ngakhale ndi mawu amodzi okha akuti avomera.

Chinanso chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musalembe kuti mwadwala ndinu. Ena amachita zimenezi poganiza kuti n'zosavuta. Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limapereka tchuthi chodwala kwa wantchito amene wakwanitsa miyezi 12, masabata anayi a malipiro athunthu ndi asanu ndi atatu a theka pachaka, koma ndi cha kudwala kwa mwini wakeyo ndipo pamafunika kalata ya dokotala. Kudwala kwa mwana sikulowa pamenepo. Ndiye njira zoona ndi kusinthana, kugwiritsa ntchito maofu amene munasunga, kapena kupempha kuti masikuwo achotsedwe pa tchuthi chanu cha pachaka. Mukasowa wosinthana naye, lembani zimenezo poyera, kuti mwafunsa anzanu awiri kapena atatu koma sizinatheke, ndipo mukupempha kuti masiku awiriwa awerengedwe ngati tchuthi. A inchaji akakana koma inu mulibedi wosiyira mwana, musangozimitsa foni. Imbirani a metroni, ndipo muwatumizire kalata yomweyo pamodzi ndi nthawi imene munaimba foni yoyamba ija.